Kukonza galamala yokha mu imelo ya namwino yopempha kusinthana naiti

Rosita ya mwezi ikangotuluka, pamapezeka namwino wobwera ndi foni m'manja n'kunena kuti, "Tandionerani kaye imeloyi ndisanatumize kwa a inchaji, mungokonza galamala basi." Wopemphedwayo amavomera, ndipo vuto limene ndaliona likubwerezabwereza limayambira pomwepo. Ena amakonza pang'ono kwambiri, n'kusiya zolakwa zimene zimasokoneza pempho lenileni. Ena amakonza mopitirira, mpaka imelo imatuluka yosalala koma ikunena zimene mwini wake sanafune kunena. M'zipatala zathu makalata ambiri a ntchito amalembedwa m'Chingerezi, koma pano ndikunena za imelo yolembedwa m'Chichewa, chifukwa ndi imene anthu amaiona ngati yosafuna chisamaliro poti ndi chiyankhulo chakwathu.

Malire a ntchitoyi ndi awa: wokonza ali ndi ufulu wokhudza kalembedwe ka mawu, agwirizanitsi, nthawi ya aneni pamene yalakwika moonekeratu, malembo akuluakulu ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Alibe ufulu wokhudza tsiku, dzina la munthu, chifukwa chimene chaperekedwa, kapena chimene mwini imelo walonjeza. Pamene galamala ndi tanthauzo zakolana, wokonza afunse mwini wake asanasinthe ngakhale lembo limodzi.

Imelo imene tigwiritse ntchito ndi iyi, monga inalembedwa Lolemba pa 10 Novembala, mayina nditawachotsa:

> Mutu: pempho losintha naiti
>
> Sisita,
>
> ndikukhulupilira kuti muli bwino. Ndalemba imeloyi pofuna kupepha kuti undilole kusintha naiti yanga ya lachisanu pa 14 novembala ndi nzanga Sisita Uje. Mwana wanga ali ndi tsiku yoonana ndi dokotala loweruka mawa ndipo palibe omuperekeza. Ndayankhula kale ndi Sisita Uje ndipo avomela kuti azalowa mmalo mwanga. ine ndizagwira naiti lawo lachiwiri pa 17 novembala. Chiwelengero cha anamwino pa naiti sadzasintha. Ndidzathokoza mukandiyankha pofika lachitatu

## Mkulu wa wodi wabweza imelo ndi funso loti, "Mukunena tsiku liti?"

Ichi ndicho chizindikiro chimene chimaoneka kawirikawiri, ndipo ndicho choopsa kuposa zonse, chifukwa mkulu wa wodi akapanda kufunsa, rosita imasinthidwa molakwika popanda wozindikira kufikira usiku womwewo. Zoyambitsa zake, kuyambira chofala kwambiri, ndi izi.

Dzina la tsiku ndi nambala yake sizikugwirizana. Mu imelo yathu, Lachisanu ndi pa 14. Mukawerenga chala ndi chala, Loweruka ndi pa 15, Lamulungu pa 16, Lolemba pa 17, ndipo Lachiwiri ndi pa 18. Choncho mawu akuti "lachiwiri pa 17" akutchula mausiku awiri osiyana. Wokonza angaganize kuti munthu salakwitsa dzina la tsiku koma nambala, kapena angaganize motembenuza, ndipo maganizo onse awiri ndi ongopeka.

- Poyesa: tsegulani kalendala ndipo mufananize tsiku lililonse lotchulidwa mu imelo, ngakhale looneka lolondola.
- Pokonza: ikani lembo lalikulu pa Lachiwiri ndi pa Novembala, chifukwa zimenezo ndi galamala, koma nambala muisiye mmene ilili ndipo mulembe funso pambali kuti mwini imelo akaone pa rosita.

Ndikuumirira pa mfundoyi chifukwa ndinapsa nayo ndekha. Pa chipatala china chimene ndinagwirapo ntchito, mnzanga anandipatsa uthenga wa mtundu womwewu, ndipo nditaona kusagwirizanako ndinasintha nambala kuti igwirizane ndi dzina la tsiku, ndili wotsimikiza kuti ndamuthandiza. Zoona zake zinali zoti nambala ndiyo inali yolondola. Usiku wina anamwino awiri anapezeka pa shifiti imodzi, ndipo usiku winawo namwino wa masana anakhalabe pa wodi mpaka mdima wandiweyani, ana akumudikira kunyumba, pamene tinkaimba mafoni kufuna wolowa. Galamala ya uthengawo inalibe banga lililonse.

Mawa ndi m'mawa zasokonezeka. Mawa ndi tsiku lotsatira, pamene m'mawa ndi nthawi ya kutuluka kwa dzuwa, ndipo pa foni anthu ambiri amalumpha nkhodolero pamodzi ndi lembo la m loyambalo. Apa wokonza angathe kutsimikiza yekha ngati imelo ikupereka umboni wokwanira. Yathuyi inalembedwa Lolemba, ndipo ikupempha yankho pofika Lachitatu, motero Loweruka silingakhale mawa. Mawu oyenera ndi "Loweruka m'mawa". Imelo yomweyi ikanalembedwa Lachisanu, mawu akuti "Loweruka mawa" akanatha kukhala oona, ndipo pakanafunika kufunsa. Dzulo ndi madzulo zimafuna kusamala komweko.

Naiti imakhudza masiku awiri. Namwino wolowa Lachisanu madzulo pa 14 amaweruka Loweruka m'mawa pa 15 atapereka lipoti kwa olowa masana. Marosita amene ndawaona amalemba naiti pa tsiku lolowera, koma namwino wotopa, amene maganizo ake ali pa m'mawa umene akufuna kukhala womasuka, amatha kulemba tsiku lowerukira. Mu imelo yathu chifukwa choperekedwa chikugwirizana ndi tsiku: munthu wofuna kuperekeza mwana Loweruka m'mawa ndi amene angapemphe kuchotsedwa pa naiti ya Lachisanu. Chikanakhala kuti wapempha naiti ya Loweruka ndi chifukwa chomwechi, ndikanaima n'kufunsa. Mawu othandiza ndi akuti "usiku wa Lachisanu wothera Loweruka", koma kuwaonjezera si kukonza galamala, choncho muwapereke ngati malangizo apadera amene mwini imelo angatenge kapena kusiya.

Tsiku lalembedwa m'manambala okhaokha. Izi sizichitika kawirikawiri m'Chichewa, komabe 11/12 kwathu kuno timaliwerenga ngati pa 11 Disembala, pamene mafoni ndi makompyuta ochunidwa mwa kalembedwe ka ku America amaika mwezi patsogolo. Ngati tsikulo lakoperedwa kuchokera pa kalendala ya foni, funsani mwini wake kuti alitchule ndi pakamwa.

## Mkulu wa wodi wamva ngati namwino akungofuna kuchoka pa naiti

Yankho limabwera loti, "Ndilibe munthu wina woika pamenepo," chikhalirecho namwinoyo anapeza kale womulowera. Apa vuto nthawi zambiri lili m'mneni.

Mphatikiram'tsogolo wa kuchitirana, "-an-", wasowa. Kusintha naiti ndi kuichotsa pamene ili n'kuiika pena, ndipo ntchito yopeza wolowa m'malo imatsalira mkulu wa wodi. Kusinthana naiti ndi pangano la anthu awiri, aliyense kutenga ya mnzake. Mkulu wa wodi wotanganidwa amawerenga mutu wa imelo ndi chiganizo choyamba ali chiimire pakati pa odwala, ndipo akaona "pempho losintha naiti" amayamba kale kuwerengera anthu amene alibe. Kodi wokonza galamala yokha angaike "-an-" ameneyu? Angathe, ngati zinthu ziwiri izi zilipo mu imelo momwemo:

- Mneniyo akutsatiridwa ndi "ndi" pamodzi ndi munthu, monga "ndi mnzanga Sisita Uje", zimene m'Chichewa cholongosoka zimafuna mneni wochitirana.
- Pali chiganizo chonena naiti imene wopemphayo adzabweze.

Mu imelo yathu zonse ziwiri zilipo, choncho "kusintha" akhale "kusinthana", ndipo mutu ukhale "Pempho losinthana naiti". Ngati chachiwiricho palibe, n'kutheka kuti mnzakeyo akungomulowera popanda kubweza, ndipo kuika "kusinthana" kungamulonjezetse namwino usiku umene sanalonjeze.

Mneni wakuti "avomera" ali ndi matanthauzo awiri. Iyi ndi mfundo imene ambiri saiona chifukwa pakamwa siivuta. Tikamanena za munthu mmodzi popanda ulemu, "wavomera" ndi zochitika kale ndipo "avomera" ndi zimene zichitike posachedwa. Koma tikamupatsa ulemu, zonse ziwiri timalemba "avomera", ndipo chimene chimazisiyanitsa ndi kamvekedwe ka mawu kokha, kamene sitikalemba. Motero chiganizo choti "Sisita Uje avomera" chingatanthauze kuti avomera kale, kapena kuti wolembayo ali ndi chikhulupiriro kuti akawauza avomera. Kwa mkulu wa wodi kusiyana kumeneku n'kwakukulu, popeza sangasinthe rosita podalira chiyembekezo. Mu imelo yathu mawu akuti "Ndayankhula kale" akutsamira ku tanthauzo loyamba, ndipo wokonza angokonza "avomela" kukhala "avomera". Musaonjezere nokha "kale" wachiwiri, ndipo musasinthe kukhala "anavomera" musanamve kwa mwini imelo kuti mnzakeyo ananenadi kuti inde, chifukwa mukatero mwaikira umboni pangano limene simunalione.

Malembo a -dza-, -za- ndi -zi- asakanikirana. Polankhula ambiri timati "ndizagwira" ndi "azalowa", koma polemba nthawi yam'tsogolo ndi "ndidzagwira" ndi "adzalowa". Kukonza kumeneku n'kosavuta, koma yang'anitsitsani lembo lotsatira z. "Ndizigwira naiti yawo" si kulakwitsa kwa "ndidzagwira". Ndi mneni wolondola payekha, wonena ntchito yochitika mobwerezabwereza, ngati kuti namwinoyo azitenga naiti ya mnzake Lachiwiri lililonse. Mukapeza -zi- mu imelo yonena za usiku umodzi, funsani.

Mlowam'malo waulemu sakuonetsa mwini wake. Mu imelo yaulemu aliyense ndi "iwo": mnzake wosinthana naye, dokotala wa mwana, a metroni. Werengani chiganizo chilichonse chokhala ndi "iwo", "yawo" kapena "awo", ndipo muone ngati munthu wotchulidwa komaliza ndi amenedi akunenedwa. Mu imelo yathu "naiti yawo" ikubwera Sisita Uje atangotchulidwa, choncho palibe chosokoneza. Pakanakhala kuti dokotala ndiye watchulidwa komaliza, kubwereza dzina la mnzakeyo kukanakhala kololedwa chifukwa sikuonjezera nkhani yatsopano.

Chenjezo limodzi laling'ono likhale pano. Anamwino amanena kuti "adzandigwirira naiti", ndipo ndi Chichewa chabwino, koma wokonza wofuna kufupikitsa chiganizo asachotse dzina lotsatira mneniyo, chifukwa akatsala yekha amamveka ndi tanthauzo lina loipa kwambiri.

## Imelo ikumveka yachipongwe ngakhale wolemba ndi munthu waulemu

Ulemu wayamba ndi "mu" n'kugwera ku "u". Ichi ndicho choyambitsa chofala. Imelo yathu yayamba bwino ndi "muli bwino", yatha bwino ndi "mukandiyankha", koma pakati, pa mawu enieni a pempho, pali "undilole". Lembo limodzi losowalo likuchititsa namwino kulankhula ndi mkulu wake ngati mwana kapena mnzake wa kusukulu. Uku ndi kulakwitsa kwa galamala ndithu, chifukwa munthu mmodzi sangakhale "inu" ndi "iwe" m'kalata imodzi. Poyesa, lembani mzere pansi pa mneni aliyense wolunjika kwa mkulu wa wodi ndipo muone ngati onse akuyamba ndi mu- kapena mwa-, ndiponso ngati mchitidwantchito ali "-ku-" wotsekedwa ndi "-ni", monga "ndikukupemphani". Chitani chimodzimodzi ndi mnzake wosinthana naye: ngati wayamba kutchulidwa mwaulemu kuti "avomera", asasanduke "wavomera" m'chiganizo chotsatira.

Pempho lalembedwa ngati chidziwitso. "Ndasinthana naiti ndi Sisita Uje" ndi chiganizo chopanda cholakwa chilichonse cha galamala, koma chikuuza mkulu wa wodi kuti nkhani yatha kale iye asanavomereze. Wokonza amalakalaka kuchisandutsa "Ndikupempha kuti mundilole kusinthana", ndipo malangizo amenewo ndi abwino, koma ndi kusintha chimene wolembayo wanena. Muuzeni mosabisa kuti chiganizocho chikumveka ngati chidziwitso, ndipo asankhe yekha.

Malonje kapena mawu otsekera palibe. Izi zimachitika mwa apo ndi apo, makamaka pa imelo yolembedwa mothamanga pa nthawi ya tiyi. Kusowa kwa malonje si kulakwa kwa galamala. Musadzaze imelo ya munthu ndi "Wolemekezeka" ndi "Ine wanu wokhulupirika" ngati pa wodi pawo amaitanana kuti Sisita.

## Chiganizo chikugunda khutu mukachiwerenga mokweza

Apa nthawi zambiri agwirizanitsi ndiwo alakwika, ndipo khutu limagwira msanga kuposa diso. N'chifukwa chake ndimapempha mwini imelo kuti aiwerenge mokweza ine ndikumvetsera.

Choyambitsa chachikulu ndi mawu obwereka. Mawu a pa wodi monga naiti, shifiti, wodi, rosita ndi imelo amalowa m'gulu limodzi ndi nyumba, choncho timati naiti yanga, shifiti yawo, wodi yathu, rosita ya mwezi uno. Akachuluka ambiri amatenga ma-, ndipo timati manaiti anga, mawodi athu. Wolemba imelo yathu analemba bwino "naiti yanga" koyamba, kenaka "naiti lawo" pambuyo pake, mwina chifukwa m'mutu mwake munali mawu akuti tsiku, kapena chifukwa Lachiwiri linali pafupi. Likhale "naiti yawo". Cholakwa chotembenuza chili pa "tsiku yoonana", pamene tsiku limafuna l-, ndipo mawu oyenera ndi "tsiku loonana".

Chachiwiri ndi mchitantchito wotalikirana ndi mneni wake. M'chiganizo chakuti "Chiwelengero cha anamwino pa naiti sadzasintha", mneni wagwirizana ndi anamwino, amene ali pafupi, m'malo mwa chiwerengero, chimene ndicho mwini chiganizo. Poyesa, chotsani mawu onse apakati ndipo muwerenge mchitantchito ndi mneni wake mogundizana: "chiwerengero sadzasintha" sichimveka, pamene "chiwerengero sichidzasintha" chikumveka. Onaninso kuti cholakwachi chikukhudza tanthauzo, chifukwa "anamwino sadzasintha" si zoona, popeza anthuwo ndi amene akusinthana, ndipo chosasintha ndi kuchuluka kwawo.

Chachitatu, chosavuta kwenikweni, ndi wo- ndi o-. Munthu mmodzi ndi womuperekeza ndipo ambiri ndi omuperekeza. Ambiri amalemba o- ponena munthu mmodzi, monga "namwino ogwira naiti" potanthauza "namwino wogwira naiti", ndipo pamenepo mukonze. Koma "palibe omuperekeza" lingathe kuima lokha, chifukwa palibe dzina lotsogolera lokakamiza kuti akhale mmodzi. Mu imelo yathu ndinalisiya.

## Mawu akuoneka olembedwa molakwika

Gawo ili ndi limene anthu amaliganizira akamva za kukonza galamala, koma ndi losavulaza kwambiri. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amene Bungwe la Chichewa linatulutsa mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990 ndiwo maziko a zimene ambiri tinaphunzira kusukulu, ndipo kuyambira mu 1996 ntchito yoyang'anira ziyankhulo ili m'manja mwa likulu la maphunziro a ziyankhulo la Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Pa imelo ya mtundu uwu zolakwa zimabwera motsatana chonchi:

- Malembo a l ndi r: mkati mwa tsinde la mawu, r amabwera pambuyo pa i ndi e, choncho timalemba "ndikukhulupirira", "avomera", "chiwerengero". Tsinde loyamba ndi l limasunga l wake ngakhale patsogolo pabwere i, n'chifukwa chake "mundilole" asasinthidwe. Mawu obwereka monga imelo asiyeni mmene anthu anawazolowerera.
- Malembo olumphidwa: "kupepha" ndi "kupempha", ndipo "nzanga" ndi "mnzanga" ponena munthu mmodzi.
- Nkhodolero: "mmalo" ndi "m'malo", chifukwa ndi chidule cha "mu malo".
- Malembo akuluakulu: poyambira chiganizo, pa mayina a masiku ndi a miyezi.
- Mpumiro kumapeto kwa chiganizo chomaliza, umene umaiwalika kawirikawiri.

Musanadzudzule wolemba, onani ngati foni yake ikusintha mawu yokha. Foni yochunidwa m'Chingerezi imasandutsa mawu a Chichewa kukhala ena osadziwika, ndipo imatha kuononganso zimene mwakonza pamene mwini wake akuzilembanso. Njira yabwino ndi kukopera imelo yokonzedwayo yonse n'kuimata, kenaka kuiwerenganso komaliza isanatumizidwe.

## Mwini imelo akuti, "Koma izi si zimene ndinalemba"

Chizindikiro ichi chimaloza wokonza, osati wolemba. Chofala kwambiri ndi kusintha zinthu zimene sizinali zolakwa. "Ndinayankhula" ndi "ndidayankhula" onse ndi olondola. "Kuyankhula" ndi "kulankhula" onse amalembedwa. "Pa wodi" ndi "pawodi" mudzawapeza onse m'mabuku ndi m'nyuzipepala. Pa zoterezi chofunika n'chakuti imelo isasinthesinthe kalembedwe pakati, ndipo ngati pali kusankha, tsatirani kumene wolembayo wagwiritsa ntchito kwambiri. Chimodzimodzinso mawu a pa ntchito: naiti isasanduke "ntchito ya usiku wonse", ndipo rosita isasanduke "ndandanda wa kagwiridwe ka ntchito", chifukwa mkulu wa wodi amamva msanga mawu amene amawanena tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri ndi kukometsa chifukwa. Wokonza wachifundo amaona kuti "tsiku loonana ndi dokotala" silikumveka lolemera, ndipo amalemba kuti "mwana wanga akudwala kwambiri". Pamenepo namwino wanena bodza kwa mkulu wake ndi dzanja la munthu wina, ndipo tsiku limene adzafunsidwe za mwanayo adzasowa poyambira. Kuchotsa chifukwa poti ndi nkhani ya m'banja nakonso ndi chisankho cha mwini wake.

Chachitatu ndi kuonjezera lonjezo, monga "ndine wokonzeka kugwira tsiku lina lililonse limene mungasankhe". Mawuwa amamveka aulemu, koma amapatsa mkulu wa wodi ufulu umene wolembayo sanapereke.

Njira yodzitetezera ndi kuonetsa chilichonse chimene mwasintha. Pa kompyuta, mu pulogalamu ya Word, yatsani `Track Changes` pansi pa `Review` musanayambe. Pa foni, tumizani imelo yoyambirira ndi yokonzedwa pamodzi, ndipo pansi pake mulembe mndandanda wa mafunso. Pomaliza fananizani zinthu zisanu m'makope awiriwo: wopempha, wosinthana naye, usiku woperekedwa, usiku wobwezedwa ndi chifukwa. Chimodzi chikasiyana popanda chilolezo cha mwini imelo, bwezeretsani.

## Pamene muyenera kusiya kukonza n'kutumiza nkhani kwa oyenera

Pali mavuto amene amaonekera m'imelo koma galamala singawathetse. Mukawaona, imani ndipo muuze mwini imelo kuti alankhule ndi munthu woyenera.

- Ngati naitiyo ndi ya lero kapena mawa, imelo yokha siyokwanira. Namwino aimbe foni kapena akaonane ndi mkulu wa wodi maso ndi maso, ndipo imelo itsatire ngati umboni.
- Ngati kusinthanako kuchititsa kuti wina agwire masana ndi usiku motsatizana osapuma, kapena kuti wodi itsale ndi wophunzira kapena munthu amene udindo wake sulola kukhala yekha pa shifiti, woweruza ndi mkulu wa wodi kapena a metroni. Mzamba pa wodi ya amayi oyembekezera salowedwa m'malo ndi aliyense wovala yunifolomu.
- Ngati imelo ikutchula ndalama, monga kulipirana kapena lokamu, imene ndi shifiti yoonjezera yolipidwa payokha, imeneyo ndi nkhani ya malamulo a chipatalacho ndipo ifunsidwe ku ofesi yoona za ogwira ntchito.
- Ngati pempho likuchokera pa matenda a namwino mwini, pakati, kapena kuzunzidwa pa ntchito, pangafunike njira ina yosiyana ndi kusinthana naiti. Ofesi ya ogwira ntchito kapena nthumwi ya bungwe la anamwino ndi azamba la NONM ingamuthandize.
- Ngati imelo ndi yankho la mlandu wojomba pa naiti imene inadutsa kale, musasalaze chiganizo chilichonse musanamuuze kuti apeze uphungu, popeza kalata yotere ingadzawerengedwe pa mwambo wa chilango, ngakhale ku khonsolo ya anamwino ndi azamba.
- Ngati mwatchulidwa dzina la wodwala kapena matenda ake, musaitumize kwa wina aliyense ndipo muuze wolembayo kuti achotse yekha.

Mukumbutseninso mwini imelo kuti galamala yabwino si chilolezo. Kufikira mkulu wa wodi atayankha ndipo rosita itasinthidwa, naiti ya Lachisanu idakali yake.

## Imelo itakonzedwa

Ndinabwezera namwinoyo mafunso awiri. Loyamba linali la Lachiwiri ndi 17, ndipo ataona pa rosita yopachikidwa mu ofesi ya wodi anapeza kuti naiti ya mnzakeyo inali Lachiwiri pa 18, ndipo nambalayo anaisintha yekha. Funso lachiwiri linali loti Sisita Uje avomera kale kapena ayi. Anandionetsa uthenga wa pa foni wovomera, koma anasankha kusiya "avomera" mmene analili ndi kuika mnzakeyo pa `Cc` kuti atsimikize yekha. Malangizo anga oonjezera "wothera Loweruka" anawakana, ponena kuti pa wodi pawo aliyense amadziwa kuti naiti imawerengedwa pa tsiku lolowera, ndipo ndinawasiya.

> Mutu: Pempho losinthana naiti
>
> Sisita,
>
> Ndikukhulupirira kuti muli bwino. Ndalemba imeloyi pofuna kupempha kuti mundilole kusinthana naiti yanga ya Lachisanu pa 14 Novembala ndi mnzanga Sisita Uje. Mwana wanga ali ndi tsiku loonana ndi dokotala Loweruka m'mawa ndipo palibe omuperekeza. Ndayankhula kale ndi Sisita Uje ndipo avomera kuti adzalowa m'malo mwanga. Ine ndidzagwira naiti yawo Lachiwiri pa 18 Novembala. Chiwerengero cha anamwino pa naiti sichidzasintha. Ndidzathokoza mukandiyankha pofika Lachitatu.

Ziganizo ndi zisanu ndi ziwiri monga zinalili poyamba, ndipo zikutsatana mwa dongosolo lomwelo. Mkulu wa wodi anayankha Lachiwiri pa 11 kuti wavomereza, ndipo anasintha mayina awiriwo pa rosita ndi cholembera chofiira n'kusainira pambali.